Kodi nkhuku tili nayo mangawa?

Ndili ndi funso limene anthu amayamba aseka ndikalifunsa, koma akamaliza kuseka aliyense amandiyankha zakezake. Kodi nkhuku imene ndagula ndi ndalama zanga, imene ndidye madzulo ano, ndili nayo mangawa? Kodi pali chimene ndiyenera kuichitira, kapena chimene sindiyenera kuichita, poti ndi yamoyo? Nanga mtengo umene unasanduka makala ophikira nkhukuyo, uli nane mlandu? Akuluakulu anati safunsa anadya phula, choncho ine ndakhala ndikufunsa.

Kuno ku Kabwata nkhuku sizisowa. Mukaima m'mbali mwa msewu wa Burma kapena wa Chilimbulu Loweruka m'mawa mudzaziona zikudutsa. Zina zapanikizana m'chitatanga pa njinga, zina zili pa wilibala kuchokera ku msika wa Soweto, zina zili m'manja mwa wogula, miyendo yomangidwa ndi kachingwe ka pulasitiki, mutu uli pansi, kukamwa kuli yasa. Palibe amene amacheuka. Inenso ndinakula ndikuzinyamula choncho.

Ndinayamba ndi aneba anga, bambo wachikulire amene anagwira ntchito yoyang'anira ziweto mpaka kupuma. Ndinati, "Bambo, nkhuku ikamayasama choncho, ikuvutika kapena ndi chibadwa chake?"

Anandiyankha kuti ikuvutika, ndipo anandiuza chifukwa. Ife anthu tili ndi mnofu wopyapyala umene umalekanitsa chifuwa ndi mimba. Nkhuku ilibe. Mukaizondotsa, matumbo ndi chiwindi zimatsamira ku mtima ndi mapapo, ndiye imapuma movutikira. Komanso nkhuku situluka thukuta. Thupi lake ndi lotentha kale, pafupifupi madigiri 41, ndipo njira yake yodziziziritsa ndi kuyasama n'kumapuma mofulumira. Tsono ganizirani dzuwa la Okutobala, nkhuku zothinana m'chitatanga, popanda ndi dontho la madzi. Nkhuku zoyera zija timaweta kuseri kwa nyumba ndiye zimavutika koposa, chifukwa pa masabata 6 zimakhala zafika makilogalamu awiri pamene mafupa akadali a mwanapiye. Mukainyamula ndi mwendo umodzi, ntchafu imatha kuguluka m'malo mwake.

"Nanga ndingadziwe bwanji, poti siyankhula?"

Anati nyama yake ndi imene imayankhula. Mukaisosola, yang'anani mapiko, chidali ndi ntchafu. Mukapeza mabanga ofiira kapena akuda a magazi oundana, dziwani kuti inavulala ikadali yamoyo, pakuti chakufa sichichita mikwingwirima. Banga lofiira ndi la tsiku lomwelo. Lobiriwira ndi la dzulo kapena dzana. Kanyamulidwe koyenera n'kosavuta: mutu m'mwamba, mapiko opinda pathupi, nkhuku ili m'khwapa kapena m'dengu lolowa mpweya.

Za mpeni anafotokoza mosabisa. M'khosi mwa nkhuku muli mitsempha ikuluikulu ya magazi mbali zonse ziwiri. Mpeni wakuthwa ukadula mbali zonsezo kamodzi n'kamodzi, pansi pa nsagwada, magazi amasiya kufika ku ubongo ndipo nkhuku imakomoka msanga. Mpeni wobuntha, kapena wodula mbali imodzi yokha, umaisiya ikumva kwa mphindi zingapo. Kuphupha kuja si umboni wakuti ikadali moyo kapena yafa. Umboni uli m'diso. Khudzani pakona pa diso: ikaphethira, kapena chifuwa chikamakwera ndi kutsika mwa dongosolo, ikadalipo. Dikirani mphindi zitatu musanaiviike m'madzi otentha. Nkhuku imene yaviikidwa ikupumabe imatuluka ndi khungu lofiira paliponse, ndipo ambiri tinaliwonapo khungu lotere osadziwa chimene likunena.

Ndinafunsanso kuti, "Chabwino, imamva. Koma kumva kwakeko kukundimanga bwanji ine?" Iwo anaseka nati, "Limenelo si la ku ziweto ayi. Kafunseni a mapemphero."

Mkulu wa mpingo wathu anayamba ndi Genesis, kuti munthu anapatsidwa ulamuliro pa zamoyo zonse, ndipo chitatha chigumula analoledwa kudya nyama, kupatula magazi. Ndinafunsa ngati ulamuliro ukutanthauza kuchita chilichonse chimene mtima wafuna, pakuti kwathu mfumu imalamulira mudzi koma ikayamba kuzunza anthu ake timati yataya ufumu. Anavomera, ndipo anandikumbutsa malo ena amene sindinkawaganizira. Buku la Miyambo limayeza chilungamo cha munthu ndi mmene amasamalira chiweto chake. Malamulo a Mose amaletsa kumanga pakamwa ng'ombe imene ikupuntha tirigu, amalamula kuti ng'ombe ndi bulu nazonso zipume tsiku la Sabata, ndipo amati ukapeza bulu wa mdani wako wagwa ndi katundu, umudzutse. Ndinati, "Ndiye mangawa anga ndi a kwa nkhuku?" Anati ayi, ndi a kwa Mwini wake. Nkhuku si yanga kwenikweni, ndangobwerekedwa.

Apa panandidabwitsa. Dziko lino linalengezedwa kuti ndi lachikhristu mu 1991, pa nthawi ya Pulezidenti Frederick Chiluba. Ndamva maulaliki a chakhumi, a ukwati, a mowa, a kavalidwe. Bwanji sindinamvepo ulaliki wa bulu wogwa ndi katundu? Mkuluyo anati anthu ali ndi mavuto aakulu kuposa a nkhuku. N'zoona. Koma anthu a nthawi ya Mose analibe mavuto?

Kwa Asilamu ndinapeza kuti nkhaniyi si ya maganizo chabe, ndi ya manja. Shehe wina wa ku Kamwala, amene makolo ake ndi Ayao, anandiwerengera zimene amaphunzitsa anyamata ochinja. Mpeni unoledwe, koma osaunolera pamaso pa chiweto. China chisaphedwe chinzake chikuona. Chipatsidwe madzi, chigonekedwe mofatsa, osachikoka. Dzina la Mulungu litchulidwe, khosi lidulidwe mwachangu, ndipo chisasendedwe kapena kudulidwa ziwalo chisanazizire. Anandifotokozeranso nkhani ziwiri za Mtumiki Muhammad zimene mwana aliyense wa ku madrasa amazidziwa: ya mkazi amene analangidwa chifukwa chotsekera mphaka mpaka kufa ndi njala, ndi ya munthu amene anakhululukidwa machimo chifukwa chotungira madzi galu waludzu.

Ndinati, "A shehe, nanga munthu akaizunza nkhuku njira yonse, kenako n'kutchula dzina la Mulungu poichinja, nyamayo ndi yololedwa?"

Anati nyamayo ikhoza kudyedwa, koma tchimo la nkhanza latsala pa munthuyo, ndipo adzafunsidwa. Yankho limeneli linandikhala mumtima. Likutanthauza kuti chizindikiro cha pa paketi chimanena za mphindi yomaliza yokha, osati za masabata 6 amene nkhukuyo inakhala m'khola. Ndipo ndinaona kuti zimene shehe amaphunzitsa m'dzina la Mulungu n'zofanana kwambiri ndi zimene aneba anga anaphunzira ku sukulu ya ziweto. Kodi zinatheka bwanji kuti anthu oyenda njira zosiyana chotere akumane pa mpeni umodzi wakuthwa?

Ku Kamwala komweko kuli mayi wachihindu amene ndimagulako nsalu. Iwo sanadyepo nyama chibadwire, ngakhale dzira. Kwa iwo funso langa la kanyamulidwe ndi kadulidwe linali laling'ono, chifukwa mlandu uli pa kupha kwenikweniko. Amati moyo umene uli mwa nkhuku ndi wamtundu umodzi ndi umene uli mwa ine, ndipo chimene wachitira chamoyo china chimakubwerera, kaya m'moyo uno kaya wina. Chiphunzitso chosavulaza chamoyochi amachitcha ahimsa. Anandiuza kuti si Ahindu onse amene amasala nyama, komanso kuti kwawo ku India kuli Ajaini amene amafika posefa madzi akumwa ndi kukana mbatata ndi anyezi kuopa kupha tizilombo ta m'nthaka.

"Nanga udzudzu, amayi? Nanga makoswe m'sitolo?"

Sanabise. Anati palibe amene angakhale moyo osavulaza kanthu. Chimene munthu angathe ndi kuchepetsa, ndi kusapha chimene sichikumuopseza. Udzudzu wa malungo amapha. Nkhuku sinawalakwire.

Ndimawalemekeza mayiwa, koma sindinathe kuwatsatira mpaka kumapeto. M'dziko muno pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu osakwana zaka zisanu ndi wopinimbira chifukwa cha kuperewera kwa zakudya. Kodi ndingauze mayi wa ku Misisi kuti asapatse mwana wake dzira kapena kachidutswa ka nkhuku? Ndinakumbukiranso kuti Kenneth Kaunda sankadya nyama, koma iye anayamba kusala pokwiya ndi tsankho la m'mabutchala a nthawi ya atsamunda, kumene munthu wakuda ankagulira pa kawindo. Kusala kumodzi, zifukwa ziwiri: wina akulirira chiweto, wina akulirira ulemu wa munthu.

Mwana wa mlongo wanga amaphunzira ku yunivesite, ndiye ndinamufunsa ngati anthu osatchula Mulungu ali ndi chonena. Anati, "Amalume, alipo awiri amene amakangana mpaka lero." Woyamba ndi Immanuel Kant wa ku Germany, amene ankati mangawa enieni tili nawo kwa anthu okha, koma wozunza galu amaumitsa mtima wake ndipo mawa adzazunza munthu. Wachiwiri ndi Jeremy Bentham wa ku England, amene mu 1789 analemba kuti chofunika si nzeru za chamoyo kapena kutha kuyankhula, koma ngati chimamva ululu. Kwa Bentham mangawa ndi a kwa nkhuku yeniyeniyo. Mu 1975 Peter Singer wa ku Australia anaipititsa patsogolo mfundoyi, nanena kuti mlandu waukulu suli pa mlenje ayi, uli pa makola aakulu amene amaweta nkhuku zikwizikwi mothinana kuti nyama itsike mtengo.

Ndinamufunsa kuti kusiyana kwake kuli pati, poti onse akuti usazunze. Anandipatsa chitsanzo. Tiyerekeze kuti makina ndi amene akuzunza nkhuku usiku, palibe munthu woona, palibe mtima umene ukuuma. Kant alibe chonena champhamvu. Bentham akuti ululu ndi womwewo. Pamenepa ine ndinaima ndi Bentham, chifukwa banga lofiira lija pa phiko silifunsa ngati panali woona.

Nanga makolo athu ankati chiyani? Ndinafunsa agogo anga aakazi a ku Katete atabwera kudzaona chipatala. Iwo anati kumudzi nkhuku sinali ndiwo ya tsiku lililonse. Inkafera chifukwa: mlendo, maliro, chinkhoswe, kupepesa mlandu. Mlendo ankaonetsedwa nkhuku yake ikadali yamoyo, nthutumba n'kukhala yake, ndipo palibe chimene chinkatayidwa, ngakhale zipalapasiro. Anandikumbutsanso nthano ya ku Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama. Pachiyambi Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere. Munthu atapeka moto, tchire linapsa, nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. M'nthano imeneyi wolakwa ndi munthu, ndipo ziweto ndi othawa moto amene anadzabisala pakhomo pake. Kodi wobisala pakhomo pako umamuzondotsa?

Koma ndinawafunsanso kuti, "Agogo, nanga bwanji kumudzi komweko ana amagenda kadzidzi ndi nanzikambe, anyamata amatentha tchire lonse pofuna mbewa, galu amamenyedwa ndi chikuni?" Anati kadzidzi ndi wa afiti. Apa ndinaona malire a mwambo wathu. Umateteza chamoyo chimene chili ndi malo pakati pathu, monga chiweto cha pakhomo kapena nyama ya mfunda wa munthu, koma chimene tachipatsa dzina loipa chilibe wochilirira ngakhale chikumva ululu chimodzimodzi. Ndikuganiza kuti apa tiyenera kuphunzira kwa ena, ndipo sikunyoza makolo kunena choncho.

Pa nkhuku, tsono, ndinapeza kuti amene amaletsa kupha ndi ochepa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene analoleza kuzunza. Ngakhale malamulo a Zambia ali ndi chaputala 245 choletsa nkhanza kwa nyama. Chimene sindikumvetsa n'chakuti timakangana kwambiri pa zimene timasiyana, monga ndani wachinja ndi nyama iti yodetsedwa, pamene chimene tonse timavomereza palibe amene akuchichita pa msewu wa Burma.

Mbaula ndi imene inandivuta kuposa mpeni.

Mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anatsika, ndipo pofika September magetsi ankazima mpaka maola 21 pa tsiku. Mbaula inayaka paliponse, ku Kabwata, ku Chelstone, ngakhale ku Kabulonga kumene ena anali ataiwala kayatsidwe kake. Makala amenewa amachokera m'nkhalango za mitondo ndi miombo, ku Chongwe, ku Rufunsa, ku Mumbwa. Wowotcha amadula mitengo, kuiunjika, kuikwirira ndi dothi, n'kuisiya ikunyeka pang'onopang'ono kwa masiku. Uvuni wadothi wotere umadya nkhuni zambiri: kuti papezeke kilogalamu imodzi ya makala pamapsa makilogalamu asanu a nkhuni kapena kuposa. Ndipo mitengo ikatha pa mtunda, mvula imathamanga pamwamba m'malo molowa pansi, mitsinje n'kumauma msanga.

Ndinabwerera kwa mwana wa mlongo wanga. "Mtondo umamva ululu?" Anati ayi. "Ndiye Bentham wako akuti chiyani?" Anavomera kuti pa mtengo paokha alibe mawu, pokhapokha tiwerenge mbalame ndi anthu amene adzavutike ukagwa. Koma anatchula wina, Aldo Leopold wa ku America, woyang'anira nkhalango, amene buku lake la 1949 limati dothi, madzi, zomera ndi nyama ndi mudzi umodzi, ndipo munthu ndi nzika ya mudziwo, osati mwini wake. Chodabwitsa n'chakuti awiriwa sagwirizana. Wa Leopold akhoza kupha nyama zikachuluka kuti tchire lipulumuke. Wa Bentham amalirira iliyonse payokhapayokha. Mkangano umenewu tinauona kuno pamene boma linafuna kupha mvuu 2,000 za mu Luangwa m'zaka zisanu, ena akuti zachuluka, ena akukana, mpaka ganizolo linasiyidwa.

Pa mitengo mwambo wathu uli ndi mawu amphamvu kuposa pa nkhuku. Kumanda sadula mtengo, n'chifukwa chake m'midzi yambiri ya kum'mawa kankhalango kotsala ndi ka kumanda. Polima munda watsopano, msuku ndi mitengo ina yazipatso inkasiyidwa. Mkulu wa mpingo uja anati malamulo a Mose amaletsa kudula mitengo yazipatso ngakhale pa nkhondo, ndipo shehe anati Abu Bakr, mtsogoleri woyamba pambuyo pa Mtumiki, analamula asilikali ake chimodzimodzi. Papa Francisco mu 2015 analemba kalata yonse yonena kuti dziko ndi nyumba ya tonse ndipo likawonongeka woyamba kulira ndi wosauka. Onsewa akuti pali mangawa, koma kwa yani? Agogo akuti kwa mizimu ndi kwa adzukulu. A mpingo ndi a mzikiti akuti kwa Mlengi. Leopold akuti kwa nthaka yeniyeniyo.

Mlandu umene ndimayesera mayankho onsewa uli pafupi, kum'mawa kwa mzinda, kupitirira Woodlands ndi Kabulonga. Kumeneko kuli nkhalango yotetezedwa nambala 27, kumene kumayambira mtsinje wa Chalimbana umene umathira mu Chongwe. Inatetezedwa mu 1957. Chitetezo chitachotsedwa m'zaka za m'ma 1980, anthu a m'mbali mwa Chalimbana anaona madzi akuchepa, anadandaula, ndipo mu 1996 inatetezedwanso. Pakati pa 2017 ndi 2019 zigawo zikuluzikulu zinachotsedwanso n'kudulidwa mapuloti a nyumba, ndipo nyuzipepala zinalemba kuti ena mwa olandira anali anthu a maudindo aakulu. Pamenepa panalibe wosauka wowotcha makala kuti apeze ya sukulu ya mwana. Ndayesa kufufuza chiphunzitso chimodzi, cha mpingo, cha mzikiti, cha makolo kapena cha m'mabuku, chimene chingati zimenezi n'zabwino. Sindinachipeze. Ngakhale Kant, amene amawerenga anthu okha, angafunse za anthu a ku Chongwe amene amamwa madziwo.

Wowotcha makala ndiye amandisowetsa chonena. Aneba anga aja anati, "Makala aja simuwotcha ndinu, koma ndinu muwaitana." Ndi zoona. Koma magetsi akazima ndipo gasi ndi wodula, nsima iphikidwa ndi chiyani? Kodi mangawa a mtengo ali pa wodula, pa wogula, kapena pa amene anali ndi udindo wotipezera moto wina? Ndipo ngati ali pa tonse, wolemera ndi wosauka agawane bwanji? Pali zing'onozing'ono zimene ndauzidwa: mbaula ya dongo mkati imasunga moto kuposa ya chitsulo chokhachokha, nyemba zonyikidwa usiku zimapsa msanga, poto wovundikira sadya makala ambiri. Ndikuchita zimenezi, koma sindikunena kuti zabweza mtondo.

Inu amene mumalalikira Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu, ndikupempha kuti tsiku lina mutiwerengere malo aja onena za bulu, za mphaka ndi za mitengo yazipatso, pakuti ali m'mabuku anu omwe. Ndipo inu amene mukupita kukagula nkhuku sabata ino, tengani dengu, ipatseni madzi mukafika, nolani mpeni musanaigwire. Za mtengo zija, amene muli ndi yankho loposa limene ndapezali, ndithandizeni, ndikadafunsabe.